Pulogalamu ikuyenda, koma kodi mungaifotokoze?

M'makalasi ophunzitsa kulemba mapulogalamu a kompyuta muli kachitidwe kena kamene ophunzira ambiri amakaopa kuposa mayeso olemba. Mphunzitsi amapereka chitsanzo choyankha kale, pulogalamu yathunthu imene ikuyenda bwinobwino, nanena kuti aliyense akaiphunzire. Tsiku la labu likafika, amakhala pambali pa wophunzira mmodzimmodzi, namuuza kuti atseke chitsanzo chija, alembe yekha, kenako afotokoze pakamwa zimene walembazo. Kawirikawiri sizitenga nthawi yaitali. Koma mphindi zochepazo zimakwana kusiyanitsa amene wamvetsa ndi amene wangoloweza.

Ambiri amene amagwa pamenepa si aulesi. Amakhala atawerenga chitsanzocho kambirimbiri, mpaka maso azolowera mzere uliwonse. Vuto lake ndi lakuti chinthu chimene maso achizolowera chimaoneka ngati chodziwika. Munthu amatsika ndi mizere ija akugwedeza mutu, palibe pomwe akupunthwa, ndiye amatseka buku ali ndi chikhulupiriro. Akakhala pa kompyuta yopanda kanthu, mzere woyamba umabwera, wachiwiri umabwera, wachinayi umakana.

M'chaka cha 1989, katswiri wa zamaphunziro Michelene Chi ndi anzake anafalitsa zimene anapeza ataonetsetsa mmene ophunzira ankawerengera zitsanzo zoyankha kale za fizikisi. Amene pambuyo pake anakhoza bwino mafunso atsopano ankaima pa sitepe iliyonse n'kudzifotokozera okha chifukwa chimene sitepeyo yakhalira pamenepo. Komanso ndi iwowo amene ankazindikira msanga pamene sanamvetse. Enawo ankangowerenga n'kumati zamveka. Ine ndimaona kuti nkhani yonse yagona pamenepa: chitsanzo mwachidziwa pokhapokha ngati mungathe kunena chimene chingaonongeke mutachotsa kapena kusintha mzere uliwonse. Tiyeni titenge chitsanzo chimodzi tione mmene munthu angafikire pamenepo.

Chitsanzo chake ndi njira yosakira nambala m'mndandanda pougawa pakati. Aliyense amene anatsegulapo buku la nyimbo kutchalitchi amaidziwa kale. Akalengeza nyimbo nambala 250, simuyambira pa nyimbo yoyamba n'kumatsegula tsamba ndi tsamba. Mumatsegula chapakati, ndipo mukapeza kuti mwagwera pa 180 mumadziwa kuti masamba onse akumbuyo alibe ntchito, mumapita kutsogolo. Zimatheka chifukwa nyimbozo zinaikidwa motsatana manambala. M'chiyankhulo cha Python, chimene masukulu ambiri amayambira, njirayi imalembedwa chonchi:

```python
def binary_search(nums, target):
    low = 0
    high = len(nums) - 1
    while low <= high:
        mid = (low + high) // 2
        if nums[mid] == target:
            return mid
        elif nums[mid] < target:
            low = mid + 1
        else:
            high = mid - 1
    return -1
```

Ndi mizere 12 yokha. `nums` ndi mndandanda wa manambala, `target` ndi nambala imene tikufuna. `low` ndi `high` ndi malire a gawo limene tikusakamo, woyamba kumunsi, wachiwiri kumtunda, ndipo `mid` ndi pakati pawo. Ikaipeza nambalayo, pulogalamu imabweza malo amene ili. Ikapanda kuipeza imabweza `-1`. Chinthu chimodzi chimene oyamba kumene amaiwala ndi chakuti kompyuta imawerenga malo kuyambira pa 0, osati pa 1.

Musafulumire kuiyendetsa pa kompyuta. Tengani pepala ndi cholembera, muikemo manambala anuanu, mugwire nokha ntchito ya kompyutayo. Tinene kuti mndandanda wathu ndi 3, 8, 15, 21, 34, 42, 57. Ndi manambala 7, okhala pa malo 0 mpaka 6. Lembani madanga atatu, la `low`, la `high` ndi la `mid`, ndipo musake 42. Poyamba `low` ndi 0, `high` ndi 6, choncho `mid` ndi 3. Pa malo 3 pali 21, imene ndi yochepa poyerekeza ndi 42, ndiye `low` asunthira pa 4. Tsopano pakati pa 4 ndi 6 ndi 5, ndipo pa malo 5 pali 42. Yapezeka titangoyang'ana kawiri.

Ambiri amalekera pomwepa, atayesa nambala imene ilimo. Koma phunziro lalikulu lili pa nambala imene mulibe. Sakani 20. Pakati ndi pa 3, pali 21, yaikulu, ndiye `high` atsikira pa 2. Pakati pa 0 ndi 2 ndi 1, pali 8, yochepa, ndiye `low` akwera kufika pa 2. Apa malire onse awiri akumana pa malo amodzi, koma pulogalamu siinaime, imayang'ana kaye malo amodziwo. Pali 15, yochepa, ndiye `low` afika pa 3 pamene `high` adakali pa 2. Malire apitirirana, pakati pawo sipanatsale kanthu, ndipo pulogalamu ibweza `-1`. Amene walemba yekha manambala amenewa papepala waona ndi maso ake mmene kusaka kumathera, chinthu chimene kuwerenga kokha sikumuonetsa.

Mukamaliza, yesani kunena m'chiganizo chimodzi chimene chikukhala choona nthawi zonse pamene pulogalamu ikuzungulira. Pa chitsanzo ichi chiganizocho ndi ichi: ngati nambala tikuifunayo ilimo, ndiye kuti ili pakati pa `low` ndi `high`, kuphatikizapo malo a malirewo. Chiganizo chimenechi n'chofunika kuposa mizere yonse 12, chifukwa mizereyo imachokera mwa icho. Bwanji `high` amayambira pa `len(nums) - 1`? Chifukwa malire ayenera kukhala malo enieni a m'mndandanda, ndipo omaliza ndi 6, osati 7. Bwanji pali `<=`? Chifukwa malire akakumana pamatsala malo amodzi amene sitinawayang'ane. Bwanji `mid + 1`? Chifukwa pa `mid` taona kale kuti palibe, ndiye palibe chifukwa chopasungira. Munthu amene wagwira chiganizochi akaiwala mzere amaupanganso. Amene waloweza mizere akaiwala umodzi amangokhala chete kuyang'ana denga.

Tsopano yatsani kompyuta, ndipo chimene mukachite ndi kuiononga pulogalamuyo mwadala, pamalo amodzi nthawi imodzi. Musanaiyendetse, lembani kaye chimene mukuganiza kuti chichitika. Gawo limeneli ndi limene ndimalimbikitsa kwambiri, chifukwa mafunso a pakamwa ambiri amachokera pomwepa.

Yambani ndi kusintha `<=` kukhala `<`. Mukasaka 42 ipezeka monga kale, ndipo mukhoza kuganiza kuti kachizindikiro kaja kanalibe ntchito. Sakani 15. Malire akumana pa malo 2, pamene 15 ili, koma popeza 2 siyochepera 2, pulogalamu ituluka isanayang'ane, n'kukuuzani kuti 15 mulibe. Mukayesa manambala onse 7 mupeza kuti 8, 21 ndi 42 akupezeka, koma 3, 15, 34 ndi 57 akusowa. Kompyuta siidandaula, siionetsa uthenga uliwonse wa vuto. Imangopereka yankho labodza modekha. Cholakwika cha mtundu umenewu n'choopsa kuposa chimene chimaimitsa pulogalamu, ndipo ndi chifukwa chake kuyesa nambala imodzi yokha sikukwanira. Yesani yoyamba, yomaliza, yapakati, ina imene mulibe, komanso mndandanda wopanda kanthu.

Bwezeranipo `<=`, kenako musinthe `low = mid + 1` kukhala `low = mid`. Sakani 57. `low` apita pa 3, kenako pa 4, kenako pa 5. Akafika pamenepo, 5 kuphatikiza 6 ndi 11, ndipo `//` imagawa n'kutaya chotsala, choncho `mid` ndi 5. Pa malo 5 pali 42, yochepa, ndiye `low` aikidwanso pa 5 pomwepo. Palibe chasuntha. Ulendo wotsatira zikhala chimodzimodzi, mpaka kalekale. Pa sikirini simuona kanthu, pulogalamu ingoti zii, mpaka muiimitse ndi `Ctrl+C`. Apa mwaphunzira ntchito yachiwiri ya `+ 1` uja: ndi amene amatsimikiza kuti gawo losakamo likuchepa ulendo uliwonse, motero kuti kusaka kudzafika pothera.

Zina ziwiri n'zosavuta chifukwa kompyuta imakuwa yokha. Mukachotsa `- 1` pa `high = len(nums) - 1` n'kusaka 60, pulogalamu ikafika poyang'ana malo 7, amene kulibe, ndipo muona `IndexError: list index out of range`. Mukalemba `/` m'malo mwa `//`, pakati pasanduka nambala ya madesimo ngati 3.0, ndipo Python ikana ndi `TypeError`, chifukwa malo a m'mndandanda amafuna nambala yathunthu. Mauthenga awiriwa ndi bwino kukumana nawo muli nokha. Mukadzawaona mphunzitsi ali pambali, mtima sudzagunda.

Chomaliza choti muononge si pulogalamu koma mndandanda. Sinthanitsani 15 ndi 42, ukhale 3, 8, 42, 21, 34, 15, 57, ndipo musake 42. Pulogalamu iona 21 pakati, itaya gawo lonse lakumanzere limene 42 yabisala, n'kubweza `-1`. Palibe mzere umene walakwika. Chalakwika ndi chakuti njirayi imadalira mndandanda wokhala kale m'dongosolo, ndipo lamulo limeneli silinalembedwe paliponse m'mizere 12 ija. Woloweza sangalione. Koma ndi funso limene aphunzitsi amalikonda kwambiri.

Wina angaganize kuti tikuvutikira kanthu kakang'ono. Mbiri ya njirayi ikunena zina. Inatchulidwa poyera m'chaka cha 1946, koma panapita zaka zoposa khumi kuti pafalitsidwe yolembedwa molondola pa mndandanda wa kukula kulikonse. Jon Bentley, m'buku lake lotchedwa Programming Pearls, anafotokoza kuti atapatsa ntchitoyi anthu odya ndi kulemba mapulogalamu, pafupifupi mmodzi yekha mwa khumi ndiye anailemba popanda cholakwika. Ndipo m'chaka cha 2006 Joshua Bloch analengeza kuti njira imeneyi, mmene iye mwini anailembera m'chiyankhulo cha Java, inakhala ndi cholakwika kwa zaka pafupifupi 9 anthu akuigwiritsa ntchito osachiona. Chinali pa mzere wopezera pakati. Mu Java nambala ya mtundu wa `int` siingapitirire 2,147,483,647, ndiye mndandanda ukakhala waukulu zedi, `low + high` imasefukira n'kusanduka nambala yochepera ziro. Mankhwala ake ndi kulemba `low + (high - low) / 2`. Mu Python vutoli kulibe chifukwa manambala athunthu alibe malire otere, koma amene akuphunzira C kapena Java akhoza kufunsidwa.

Mukatha zonsezi, tsekani chitsanzocho. Kutseka kwenikweni, osati kuchisiya pawindo lina kuti muzisuzumira. Tsegulani fayilo yatsopano, mulembe kaye m'mawu wamba zimene pulogalamu iyenera kuchita, ngakhale m'Chichewa momwemu: ika malire, bwereza malinga ngati pakati pawo patsala kanthu, yang'ana pakati, taya gawo losafunika. Kenako sandutsani mawuwo kukhala mizere. Gwiritsani ntchito maina ena, monga `kumanzere` ndi `kumanja`, kuti dzanja lisangotsata zimene linazolowera. Mukakakamira, musatsegule chitsanzo msanga. Bwererani ku pepala lija muone chimene inuyo munachita pa sitepe imeneyo. Ngati zakanikadi, yang'anani mzere umodzi wokhawo, mulembe pambali chifukwa chake unakuthawani, mufufute zonse n'kuyambiranso. Mawa lake mulembenso osayang'ana. Kulemba kwa tsiku lomwelo kumanamiza, chifukwa mizere imakhala idakali m'maso. Kwa tsiku lotsatira ndi kumene kumaonetsa zimene zakhazikika.

Mukayerekeza zanu ndi chitsanzo, musadere nkhawa kuti sizikufanana mzere ndi mzere. Wina amayamba ndi kufunsa ngati pakati pali nambala yaikulu, wina yochepa, ndipo zonse n'zolondola. Chimene muyenera kufunsa pa kusiyana kulikonse n'chakuti kodi kukusintha yankho kapena ayi, ndipo manambala oyesera aja ndi amene akuyankheni. Kwa amene alibe kompyuta yakeyake, amene amadikira nthawi ya labu kapena magetsi kuti abwere, n'zolimbikitsa kuti mbali yaikulu ya ntchitoyi imatheka papepala. Nthawi yochepa ya pa kompyuta isungireni kuyesa ndi kuononga kuja.

Pali malire amene ayenera kunenedwa poyera. Kulembanso chitsanzo chimene mphunzitsi wapereka kuti chiphunziridwe ndi kuphunzira. Kutenga yankho la mnzanu la asainimenti yopatsidwa malikisi, n'kusintha maina okha kuti lioneke lanu, ndi kubera, ndipo mayeso a pakamwa anaikidwa makamaka kuti agwire zimenezo. Ngati mwagwiritsa ntchito chitsanzo chochokera kwina, nenani, ndipo funsani malamulo a kosi yanu musanapereke ntchito.

Tsono kufotokoza pakamwa ndi luso lina palokha, ndipo limafunika kuliyeserera mokweza mawu. Cholakwika chofala ndi kuwerenga mizere ngati mukuwerenga kalata: apa `low` ndi ziro, apa `high` ndi kutalika kuchotsa 1. Mphunzitsi akuziona yekha zimenezo pa sikirini. Yambirani pa cholinga: pulogalamuyi imasaka nambala m'mndandanda wokhala m'dongosolo, imayang'ana pakati n'kutaya theka ulendo uliwonse, ndipo imabweza malo a nambalayo kapena `-1`. Kenako nenani chiganizo chija cha malire. Mukatero mwaonetsa kale kuti mukudziwa kumene mukupita, ndipo mafunso otsatira amakhala ofewa.

Mafunsowo sasiyana kwenikweni. Mphunzitsi aloza mzere n'kufunsa kuti, "Nanga titachotsa ichi, chingachitike n'chiyani?" Yankho labwino silikhala lakuti pulogalamu siyenda. Limakhala ndi nambala: "Aphunzitsi, tikasiya `<` yekha n'kusaka 15, malire akumana pa malo 2 ndipo ituluka isanayang'anepo, ndiye inena kuti mulibe pamene ilimo." Angakupatseni manambala ake kuti muyende nawo pabolodi. Angafunse za mndandanda wopanda kanthu, ndipo yankho ndi lakuti `high` ayambira pa `-1`, kuzungulira sikuyamba n'komwe, pulogalamu ibweza `-1` popanda vuto. Angafunse za liwiro. Apa musangotchula mawu a m'buku. Nenani kuti popeza ulendo uliwonse theka limatayidwa, manambala 7 amafuna kuyang'ana kosapitirira katatu, manambala 1,000 kosapitirira ka 10, ndipo 1,000,000 kosapitirira ka 20, pamene kusaka imodziimodzi kukhoza kuyenda mndandanda wonse.

Funso limene limasiyanitsadi anthu ndi lakuti musinthe pulogalamuyo pomwepo. Mwachitsanzo, mndandanda ukhale woyambira pa nambala yaikulu kutsika. Woloweza amayamba kusintha mizere yambiri mwamantha. Womvetsa amadziwa kuti tsopano manambala aakulu ali kumanzere, ndiye chosintha ndi chizindikiro chimodzi: `nums[mid] < target` ikhale `nums[mid] > target`. Kapena afunse kuti nambala ikapezeka kangapo, ngati 5, 5, 5, pulogalamu ibweza malo ati. Ibweza 1, apakati, osati oyamba, chifukwa imaima ikangoipeza. Kuti ibweze oyamba, pamafunika kusunga malo apezekawo n'kupitiriza kusaka kumanzere ndi `high = mid - 1` mpaka malire apitirirane. Ndi bwino kudzifunsa mafunso awiri kapena atatu otere musanalowe, kapena kupempha mnzanu kuti akhale mphunzitsi, aziloza mizere mosatsata dongosolo.

Likabwera funso limene simunalikonzekere, musapeke yankho ndipo musangokhala chete. Pemphani pepala, nenani kuti, "Ndiloleni ndiyese ndi manambala atatu," mulembe madanga aja a `low`, `high` ndi `mid`, n'kumayankhula pamene mukuwerengera. Mphunzitsi amafuna kumva mmene mukuganizira, ndipo munthu amene wapeza cholakwika chake yekha pamaso pake waonetsa zambiri kuposa amene wanena yankho loloweza. Sankhani mndandanda waufupi, wa manambala awiri kapena atatu, chifukwa zolakwika za `<=` ndi `+ 1` zimaonekera pamene malire ayandikana, ndipo pa mndandanda waufupi mumafika pamenepo pa sitepe yoyamba kapena yachiwiri.